Sopo wa ku Thambani pa pepala la mayeso

Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi pamene kalata ina inafika ku depoti yathu pa Boma la Mwanza. Inachokera ku likulu la kampani ku Blantyre, ndipo inali yaifupi. Wogulitsa katundu aliyense amene adzakhale wopanda satifiketi ya zamalonda zotsatira za mayeso a Disembala zikadzatuluka, malo ake adzapatsidwa kwa wina. Ine ndinali nditayenda ndi sopo wochapira m'magolosale a boma lonse zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndi pepala la Folomu 4 lokha.

Ndinalembetsa mayeso a satifiketiyo, ndipo mapepala atatu ndinakhoza mu Juni. Pepala lachinayi, la khalidwe la ogula, ndinalephera. Abwana a depoti anandiitanira mu ofesi natseka chitseko.

"Madala, ntchito mumaidziwa kuposa tonse muno," anatero. "Koma a ku Blantyre akafunsa pepala, ine sindingakubiseni m'katoni."

Ndinali ndi ana atatu pasukulu. Kuyambira tsiku limenelo ndinkati ndikamva mawu akuti Disembala, ngakhale kutchalitchi, ndinkakumbukira kalata ija.

Tinkaphunzira Loweruka masana m'kalasi ya sukulu ina ya pulayimale, akuluakulu asanu ndi anayi pa mabenchi a ana. Aphunzitsi athu anali bambo wogwira ntchito ku banki, wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi. Koma chimene tinkadalira kwenikweni si iwo. Panali kope la mayankho la munthu wina amene anakhoza kalekale, lofotokopedwa kambirimbiri mpaka zilembo zinatuwa. Tinkapatsirana ndi kuloweza. Umu ndi mmene tonse tinakhozera Folomu 4, ndipo sitinkadziwa njira ina.

M'kopemo munali yankho la mutu umene unkabwera pafupipafupi, wa njira ziwiri zimene chizolowezi chimayambira. Pa Chingerezi amati classical conditioning ndi operant conditioning. Ife tinkangoti galu ndi khoswe. Galu akapatsidwa nyama amatuluka malovu mwachibadwa. Belu palokha silimuchititsa zimenezo. Koma ukamaimba belu kenako n'kumupatsa nyama, kambirimbiri, tsiku lina belu lokha lidzamutulutsa malovu. Khoswe ali m'bokosi, ndipo akadina kachitsulo, chakudya chimagwa. Chifukwa cha chakudyacho amadinanso. Masamba awiri onsewo ndinkatha kuwanena nditatsinzina.

Kutatsala masabata atatu, aphunzitsi anatipatsa funso loyeserera: fotokozani mmene njira ziwirizi zimapangitsira ogula kukakamira katundu wa dzina limodzi. Ndinalemba galu yense ndi khoswe yense, osaphonya liwu. Kumapeto ndinawonjezera mzere umodzi, woti mbale zaulere zimene kampani imapereka kwa ogula zili ngati belu la galu. Pepala linabwera ndi malikisi asanu ndi limodzi pa makumi awiri.

"Akulu, galuyu wagula chiyani?" anandifunsa aphunzitsi pamaso pa onse.

Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

"Mu Juni munalemba chonchi?"

"Chimodzimodzi."

"Ndiye mwadziwa chimene chinakugwetsani. Nanga mbalezi, munthu amalandira asanagule kapena atagula?"

"Atagula."

"Ndiye si belu. Kwa galu chinthu chimabwera kaye, thupi n'kuyankha lokha, iye osachitapo kanthu. Kwa khoswe iye amachita kaye, mphotho n'kutsatira. Wochonga sakufuna nyama za m'bukumo. Akufuna munthu wogula."

Ndinayenda wapansi kubwerera kunyumba pepala lili m'thumba. Chimene ndinkaganiza kuti ndi chida changa chokhacho chinali chitandichokera, masabata atatu okha atatsala.

Lachiwiri lotsatira linali tsiku lopita ndi katundu ku Thambani. Tinatsitsa katundu pa golosale ya mayi wina amene ndinagulitsana naye zaka zambiri.

"Makatoni awiri okha, achimwene," anatero mayiwo.

"Kale munkatenga asanu ndi atatu."

"Kale munkabwera ndi mbale."

Ankanena zoona. Zaka ziwiri m'mbuyomo kampani inkapereka mbale ya pulasitiki kwa aliyense wobweretsa mapepala asanu okutira sopo wathu. Sopo ankatha ngati mchere. Mbale zitasiya, ambiri anabwerera ku sopo wotchipa wolowa kuchokera ku Mozambique.

"Nanga awiriwa akugula ndani?" ndinafunsa.

"Amene amachapa ndi madzi a pa mjigo. Wanuyu amachita thovu ngakhale madzi akhale amchere. Ndi ena amene winayo amawayabwa m'manja. Amenewo mungawapatse mbale kapena ayi, sasintha."

Tili mkati molankhula munalowa mayi wachikulire ali ndi dengu. Anayang'ana pa shelefu, nkhope n'kumasuka, nayamba kugwedeza phewa pang'ono.

"Ndipatseni wa nyimbo uja," anatero.

Kampani yathu inkalengeza sopoyo pa wailesi ndi pa galimoto ya mkuzamawu ndi nyimbo imene anthu ankavina kale pa maukwati sopoyo asanabwere. Dzina la sopo linkatchulidwa, nyimbo n'kutsatira, chaka ndi chaka. Koma chala cha mayiwo chinkaloza sopo wa ku Mozambique, amene pepala lake linali lobiriwira pafupifupi ngati lathu.

"Si ameneyo, amayi," anatero mwini golosale. "Mwini nyimbo ndi uyu waima apayu. Musawalize akuluwa."

Pobwerera, tili m'galimoto, ndinazindikira kuti galu ndi khoswe aja ndinali nditawaona m'golosale muja. Ndinang'amba chivindikiro cha katoni n'kulembapo mizere iwiri, wa nyimbo ndi wa mbale. Loweruka ndinaonetsa aphunzitsi. Anawerenga, nakonza malo amodzi, nati pa mayeso ndikalembe zimenezo.

Koma potuluka anandiimitsa mnzanga wa m'kalasimo, mayi wogulitsa mayunitsi ndi mafoni pa msika, amene kope lija ankalidziwa kuposa ine.

"Madala, musadzipweteke," anatero. "Wochongayo ali mu ofesi ya mphepo yozizira. Thambani akuidziwa? Adzawerenga za mjigo n'kuitana anzake adzaseke nawo. Mwini kopeli anakhoza ndi galu yemweyu."

Mawu amenewo anandikhala masabata awiri. Ndinalibe mwayi woyesa njira zonse ziwiri. Ndikaganiza zolemba za Thambani ndinkaona cholembera chofiira chikudula tsamba lonse. Ndikaganiza zolemba galu ndinkaona malikisi asanu ndi limodzi aja. Chakudya chinasiya kukoma. Mkazi wanga anasiya kundifunsa za maphunziro, ndipo kusafunsako kunkandiopsa kuposa kufunsa.

Tinalembera mu holo ya sukulu ina ya sekondale pa Boma, oyang'anira atachokera ku Blantyre. Kunkatentha, mvula ikukonzekera. Nditatembenuza pepala ndinaliona funso lija, lachitatu, lokakamiza, la malikisi makumi awiri ndi asanu. Ndinayankha mafunso ena kaye, kenako ndinabwerera.

Sindinasankhe galu. Dzanja linangoyamba lokha, mawu a m'kope aja akutuluka mwadongosolo, ndipo pamene ankatuluka mtima unkatsika pang'ono. Ndinadzaza tsamba lathunthu. Woyang'anira atanena kuti kwatsala mphindi makumi atatu, ndinawerenganso funsolo. Kumapeto kwake kunali mawu amene mantha anandibisira poyamba: pogwiritsa ntchito katundu amene mukumudziwa.

Ndinayang'ana kumanzere. Mayi wa mayunitsi uja ankalemba mothamanga osadzutsa mutu. Ndinagwira lula, n'kudula tsamba lonse ndi mzere umodzi. Sindinachitepo chinthu choopsa chotero pa mayeso.

Ndinalemba m'Chingerezi changa chosakongola. Ndinati nyimbo ya ukwati imasangalatsa anthu mwa iyo yokha, osachita kuphunzitsidwa ndi kampani. Dzina la sopo ndi pepala lobiriwira poyamba sizinkatanthauza kanthu. Zitaphatikizidwa ndi nyimboyo kambirimbiri, munthu akangoona pepalalo amamva kukoma kumene nyimbo inkabweretsa, asanagule n'komwe. Ndinati kukomako kumatha kufalikira ku pepala lina lofanana nalo, ndipo ndi mmene sopo wa mpikisano amadyera pa nyimbo ya eni ake, choncho kampani iyenera kuphunzitsa ogula kusiyanitsa.

Kenako ndinalemba za kugula. Mayi amagula, n'kulandira mbale, ndiye amagulanso. Mbale zikasiya ndipo palibe mphotho ina, chizolowezicho chimazilala, monga makatoni asanu ndi atatu anasandukira awiri. Thovu nalo ndi mphotho, koma ili m'sopo momwemo ndipo imabwera pa kuchapa kulikonse. Amene manja anasiya kuwayabwa amagulanso chifukwa chowawa chachotsedwa, ndipo ndinasamala kunena kuti chimenecho chimalimbikitsa kugula, si chilango. Ndinatsiriza kuti njira yoyamba imapangitsa munthu kukonda dzina, yachiwiri imamupangitsa kubwereranso, ndipo wogula wokhalitsa ndi amene mphotho yake ili m'katundu, osati pambali pake. Ndili pa mawu omaliza anati tiike zolembera pansi.

Panja mayi wa mayunitsi uja anandifunsa masamba amene ndinalemba pa funso lachitatu.

"Limodzi ndi theka."

"Ine anayi," anatero, nandiyang'ana ngati wodwala.

Tinadikira mpaka Febuluwale. Masabata amenewo ndinkagwira ntchito ngati mlendo pa depoti yanga yomwe. Galimoto ya ku likulu ikalowa pa geti ndinkayang'ana ngati mwatsika munthu wachinyamata wonyamula chikwama. Kawiri ndinayamba kufunsa za malo a benchi pa msika, kawiri ndinabwerera osamaliza funso.

Envelopu ya zotsatira inafika Lachinayi m'mawa. Ndinalephera kuitsegula. Ndinayenda nayo kuchoka ku positi mpaka ku depoti, n'kuiika pa tebulo la abwana ili yomata.

"Iyi ndi yanu, madala."

"Tsegulani inu."

Anang'amba ndi kiyi wa galimoto. Anawerenga nthawi imene kwa ine inali yaitali kwambiri, ndipo ndinkangoyang'ana chala chawo chikutsika pa pepala.

"Makumi asanu ndi mphambu zinayi," anatero. "Pokhozera ndi makumi asanu."

Ndinakhala pa mpando wa alendo osauzidwa. Abwana anatenga pepalalo kupita nalo ku makina ofotokopera, ndipo ali pakhomo anatembenuka.

"Mupume pang'ono. Galimoto ya ku Nthache inyamuka naini koloko, ndipo mukupita ndinu."