Mawu Amene Asilikali Ananena

Ndinkamasulira pakhoti ku Nkhata Bay, ndipo Chiswahili ndinachiyamwira kwa amayi anga. N'chifukwa chake loya wina wamkazi wochokera kukhoti la kunja anandipempha kuti ndikamumasulire. Anabwera kudzamva umboni wa mayi wina wothawa nkhondo, amene ankasoka zovala kuseri kwa msika. Mayiyo ndinkamudziwa, anandisokerapo chilundu.

Tinakhala m'chipinda cha loji ina ku Mwaya. Mayiyo anafotokoza mmene asilikali anatenthera mudzi wawo, n'kupha mwamuna wake ndi ana ake aamuna pabwalo la tchalitchi. Loya anafunsa kuti, "Pochita zimenezi ankanena chiyani?"

"Ankati, 'Chokani, dziko lino si lanu.' Ife azimayi anatikweza m'malole n'kukatitaya kumalire."

Ndinamasulira ndendende. Loya analemba, nkhope yake osasintha.

Pa nthawi yopuma mayiyo anafunsa ngati mkulu wa asilikaliwo aimbidwe mlandu wa jenosaidi. Loya anayankha mosabisa, ndipo mawu ake anadutsa pakamwa panga. Anati kupha ndi kuthamangitsa anthu wamba mochuluka kapena mwadongosolo ndi mlandu wolakwira umunthu, ndipo umboni wake unalipo wokwanira. Koma jenosaidi imafuna umboni wakuti cholinga chinali kufafaniza mtunduwo, wonse kapena gawo lake, chifukwa choti ndi mtundu umenewo. Cholinga chongowachotsa pamalo, pachokha, sichikwana.

Loya atatuluka kukaimba foni, mayiyo anandigwira dzanja n'kulankhula m'Chichewa chake chothyokathyoka.

"Achemwali, akabwera muwauze kuti asilikali aja ankati, 'Tikumalizani nonse.'"

"Ananenadi choncho, mayi?"

Anayang'ana pansi. "Sananene. Koma ana anga anawamaliza."

Ndinamuuza kuti sindingasinthe mawu ake, ndiponso kuti bodza limodzi likadzaululika, maloya a mkuluyo adzagwetsa umboni wake wonse. Anandisiya dzanja. Loya atabwerera, mayiyo anapitiriza kufotokoza osawonjezera kanthu, osandiyang'ananso.

Patapita zaka tinamva kuti mkuluyo wapezeka wolakwa pa milandu yolakwira umunthu, ndipo anamupatsa zaka zambiri m'ndende. Wa jenosaidi sanamuimbe n'komwe. Ndikudziwa kuti oweruza anaona maumboni ambiri, osati wa mayiyo wokha, ndiponso kuti mlandu umene anamupeza nawo si wochepa. Komabe mtima unandilemera ngati ndine ndinamulanda mayiyo dzina limene ankafuna kuti imfa ya ana ake itchulidwe nalo.

Ndinapita kumsika kukamuuza. Ndinamupeza akuphunzitsa mtsikana wa Chitonga kudula kolala. Anamvetsera mpaka kumapeto, sizasi ili m'manja.

"Ndiye kuti anakhulupirira kuti ana anga anaphedwa?"

"Anakhulupirira, mayi."

Anagwedeza mutu, n'kundisunthira mpando. Ndinakhala naye mpaka anaweruka, koma ndinalephera kumufunsa ngati anandikhululukira.