Zinyalala Zogula Kusitolo

Mayi wina, Bu Warsiti, anasesa msika wa ku Ungaran zaka khumi ndi zisanu popanda wowapatsa moni. Ulemu unabwera atayamba kuluka zikwama ndi timapaketi ta khofi totayidwa. Ankatidula kumutu ndi kunsi, kutitsuka, kutiyanika, kenako kutipinda n'kumatilowetsanitsa mpaka chikwama chitaima chokha. Chimodzi chinkadya timapaketi mazana awiri. Ogulitsa khofi m'mbali mwa msewu anachita kuphunzitsidwa kutsegula ndi sizasi, poti kapaketi kong'amba ndi mano n'kopanda ntchito.

Tsiku lina kunabwera Bu Listyani a kuhotela ina ya ku Semarang. Ankafuna zikwama makumi atatu zogawira alendo pamsonkhano wa zachilengedwe, zonse zofiira, pasanathe milungu iwiri.

"Mukwanitsa, mayi? Apo ayi ndipite kwina."

"Aa, zinyalala zingasowe m'dziko muno?" anayankha Bu Warsiti akuseka.

Zinasowa ndithu! Pankafunika timapaketi zikwi zisanu ndi chimodzi, pomwe tofiira tinkapezeka makumi atatu okha patsiku, nato tolimbirana ndi amayi ena omwe anali ataphunzira luso lomwelo. Mantha anawagwira. Kubweza ntchitoyo kunali kubwerera ku tsache, ndipo tsachelo ankadana nalo kuchokera pansi pa mtima.

Ndiye anavula ndolo zawo zagolide, nakagulitsa, n'kubwera ndi makatoni a khofi watsopano. Ankadula kapaketi, kukhuthulira khofiyo m'ndowa, kutsuka, kuluka. Amuna awo, Pak Sutrimo a kabaza, ndiwo anaona zakuda.

"Mayi, mimba yangayi si dzala. Kapu yachisanu iyi, mtima ukugunda ngati ndaba."

"Imwani, bambo, mukuteteza chilengedwe."

Khofi wosakaniza ndi shuga sachedwa kukoka chinyezi. Pofika sabata yachiwiri wotsalayo anali atagwirana gwa m'ndowa zinayi, nyerere zikuchita phwando.

Koma zikwama zinatha, zokongola zedi. Kuhotela anaimika Bu Warsiti kutsogolo, makutu ali opanda ndolo, Bu Listyani akuuza alendo kuti mayi ameneyu yekha wapulumutsa mtsinje ku timapaketi zikwi zisanu ndi chimodzi. M'manja munawombedwa mpaka kuwawa. Bwana wina anafunsa kuti zinyalala amaziyeretsa bwanji chonchi, zochita kuoneka ngati zatsopano.

"Khama basi, bwana," anatero atazolika.

Potuluka, Bu Listyani anawagwira pamkono mwachikondi.

"Mwezi wamawa tikufuna zana limodzi, zofiira zomwezi. Koma mtengo mutsitseko, mayi. Inu zipangizo mumangotola ulere."

Bu Warsiti anatsegula pakamwa. Pakhoma, kumbuyo kwa mayiyo, anali atapachikapo kale chithunzi chachikulu cha Bu Warsiti, dzina lawo lili pansi pake m'zilembo zagolide. Chibadwire anali asanaonepo dzinalo litalembedwa pakhoma la munthu.

"Ulere ndithu," anatero. "Nditsitsa."