Mzere umene aphunzitsi anaufufuta

Ukalipentala sindinaphunzitsidwe ndi munthu, ndinangoonera. Ndiye aphunzitsi ena a ku Linthipe atandiuza kuti akufuna kabati ya zovala, nthawi ya Chitaganya ija, ndinati ndiwalembere kalata ya mtengo ngati mmisiri weniweni.

Ndinalemba bwinobwino: matabwa ouma a mlombwa, mapaundi awiri ndi masheleni khumi, misomali ndi mahinjesi, masheleni asanu, ntchito ya manja anga, paundi imodzi ndi masheleni asanu. Zonse pamodzi, mapaundi anayi.

Kalata inabwerera mzere wa ntchito uja atawukhwatcha ndi inki yofiira. M'munsi analemba kuti, "Matabwa ndi misomali ndilipira. Izi ayi, ukadali kuphunzira."

Sindinakangane nawo. Ndinabwereka ngolo, n'kukawatsitsira pakhonde matabwa osapala ndi kaphukusi ka misomali.

"Iwe, kabati ija ili kuti?"

"Ndi imeneyi, aphunzitsi. Zonse zimene mwavomera zakwana. Majekete muzikoleka pomwepa."

Mayi a kunyumba kwawo anaseka mpaka kugwira chipupa. Aphunzitsi anayang'ana mulu uja nthawi yaitali, kenako anatulutsa cholembera chofiira chomwe chija n'kulembanso mzere wa ntchito yanga pa kalata ija.