Kamera Siigwada

Ine ndinakwatiwa mu situdiyo. Anzanga akamadandaula za utsi wa mbaula, ine ndinkadandaula za fungo la mankhwala otsukira zithunzi. Situdiyo yathu inali ku Ndirande, kachipinda kopanikizika pakati pa okonza mawayilesi ndi mayi wina wogulitsa kaunjika. Mwamuna wanga ankajambula, ine ndinkatsuka, kudula ndi kumata. Anthu ankakonda kuti tiwadule pachithunzi n'kuwaimika pafupi ndi galimoto yomwe sanakwerepo, ndipo pa ntchito ya lezala imeneyo panalibe wondiposa. Izi ndikunena mosachita manyazi.

Chaka cha chisankho choyamba cha matipate, mwamuna wanga anasanduka mlendo pakhomo. Ankatsatira misonkhano ya ndale mpaka ku Chikwawa ndi ku Nsanje, chifukwa aliyense wovala nsalu ya chipani ankafuna chithunzi. Ali komweko, apongozi anga aamuna anatsika minibasi kuchokera ku Bangwe atavala suti ndi chipewa, envulopu ili m'manja.

Apongoziwa anali telala wopuma ntchito, munthu wamfupi, wamakani, wonyada ngati tambala. Mayi, akazi awo, anali atatisiya ine ndisanalowe m'banjamo, ndipo Loweruka la sabata yomweyo abale ankakavundukula chiliza chawo. Mu envulopumo munali chithunzi chakale chakuda ndi choyera. Mayi anaima pamsewu, kumbuyo kwawo kuli mzere wa timasitolo ta makonde womka kutali, ndipo pakhonde loyandikira panali makina osokera. Apongozi anati wojambula wa m'misewu anadutsa tsiku lomwe iwo anapita ku Limbe kukagula ulusi. Moyo wawo wonse awiriwo sanajambulitseko limodzi, ankangoti tidzajambulitsa. Tsopano ankafuna kuti ndiwaimike pambali pa akazi awo, chithunzicho chikaonekere kuchiliza.

Potsiriza anakonza tayi nati, "Koma apongozi, musandichepetse. Mundiike ndioneke kuti ndine bambo wapakhomo."

Ndinawatulutsa kuseri kwa situdiyo komwe kunali khoma loyera. Apa mundimvetse. Chikwatiwire changa ndinali ndisanaimepo chilili pamaso pa apongozi anga. Madzi ndinkapereka chogwada, moni chogwada, maso pansi. Nanga lero ndiwaimirire n'kuwaloza ndi kamera kumaso? Mawondo anga sanandifunse n'komwe. Ndinagwada pafupi nawo, kamera n'kuloza m'mwamba, ndipo iwo anaona kuti mwana wawo anakwatira kwa anthu.

Chithunzi cha mayi sindinachikhudze ndi lezala. Ndinachijambulanso n'kutsuka china chachikulupo chogwirirapo ntchito. Apongozi ndinawakulitsa pa enilaja, makina aja okweza ndi kutsitsa kuti chithunzi chikule kapena chichepe, ndipo ndinawapatsa msinkhu mowolowa manja monga anapemphera. Ndinadula, ndinamata.

Woyamba kuchiona anali mayi wa kaunjika uja, yemwe ankalowa mu situdiyo ngati kwawo. Anaseka mpaka kukhala pa belo. Anati chipewa cha abambowa chikukanda malata a khonde, ndiye pakhomo pa sitoloyo ankalowa chokwawa? Wokonza mawayilesi naye anasuzumira nati akuona m'mphuno mwa abambowa mpaka kukhosi. Ndinapsa mtima, koma sankanama. Nsapato zinali zazikulu, mutu waung'ono, kunsi kwa chibwano ndi kunsi kwa chipewa kukuoneka, pamene mayi ankaoneka bwinobwino kumaso. Mapazi ndinawamata m'mwamba pang'ono kuposa a mayi, zomwe pachithunzi zimatanthauza kuti munthu waima kumbuyo. Munthu wakumbuyo amachepa, koma wangayu anali wamtali kuposa onse. Ankaoneka ngati akugwa chagada kuchoka mumsewumo.

Ndinkaganiza kuti mwina mwini wake akondwa ndi utaliwo. Anabwera m'mawa mwake, navala magalasi, nachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachikankhira kwa ine ndi chala chimodzi.

"Kodi bambo ameneyu ndani waima ndi mkazi wanga?"

Ndinayankha ndili chogwada kuti ndi iwo omwe. Anakana kwamtuwagalu. Anati akazi awo anali aatali, Bangwe yense ankadziwa, ndipo anyamata a pamsika ankawatcha awiriwo botolo ndi chitsekerero. Popita kutchalitchi iwo ankayenda kumtunda kwa msewu kuti alinganeko. Chimphona chili apachi akazi awo sakanachilola n'komwe, ankadana ndi amuna oyang'ana anthu pa liwombo. Anayankhula moseka, koma m'maso munali mutayamba kunyowa, ndipo ine chisoni chinandigwira. Ndinazindikira kuti akapanda kudzipeza okha pachithunzipo, kuchiliza apita chimanjamanja, ndipo mwayi wina woima pambali pa akazi awo sudzapezekanso.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinatenga pepala loonekera mkati n'kuliyala pa chithunzi cha msewu chija. Mwamuna wanga anandiphunzitsa kale kuti msewu umaulula wokha pamene panali diso la kamera. Ndinagoneka rula motsata m'mphepete mwa malata a makondewo n'kulemba mzere, kenako motsata pansi pa makoma n'kulembanso wina. Mizere iwiriyo inkayandikana pomka kutali mpaka inakumana. Pamene inakumanapo ndinadutsitsa mzere wopingasa, kuchoka kumanzere kufika kumanja. Mzere umenewo ndiwo msinkhu womwe kamera inali, ndipo pamsewu wosatsetsereka ngati umenewo umadula chilichonse pa msinkhu womwewo kuchokera pansi, kaya chili pafupi kaya kutali. Unadutsa ndendende paphewa pa mayi.

Ndinawafunsa ngati angakumbukire kuti phewa la mayi linkalekeza pati. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anatulutsa tepi m'thumba la jekete, poti telala sapuma zenizeni, naponda kumapeto kwake, naikoka mpaka chala chinaima pa nambala ina osayang'anapo n'komwe. Madiresi onse a mayi, kuyambira la ukwati, anasoka ndi iwo, ndipo muyeso wochoka paphewa kufika pansi unali m'chala chawo. Ataimika tepiyo pathupi pawo, chalacho chinafika pamphuno. Basi, yankho linali limenelo. Mzere uja unayenera kudutsa paphewa pa mayi ndi pamphuno pa bambo, mapazi a onse awiri ali pamzere umodzi.

Kukula kokha ndikanakonza pa enilaja, koma kunsi kwa chibwano sikukanabisika. Chimene kamera yaona ili pansi sichisintha ngakhale uchichepetse bwanji. Panafunika kujambulanso, kamera ili pa msinkhu wa phewa la mayi. Ndinaima kuseri kwa chitseko n'kudziyesa mobisa ndi tepi ija. Chala chinafika pa diso langa lenileni, ndili chilili.

Ndinayesa kuzemba. Ndinati tidikire mwana wawo, koma sitinkadziwa tsiku lomwe abwere. Ndinati ndiitane wokonza mawayilesi adzadinize, apongozi anati munthu amene wawaona m'mphuno kale asawayandikirenso. Miyendo itatu yoimikira kamera inali itapita ku Nsanje ndi mwini wake. Ndinawafotokozera monong'ona, maso pansi, kuti wojambula wakale uja sanagwade, ndiye kuti iwo alowe mumsewu womwewo, nanenso sindiyenera kugwada.

"Ndiye imirirani," anatero. "Ulemu wanu ndauona, wandikulitsa nsapato."

Pachithunzi chakale mthunzi wa mayi unali waufupi, wogwera kumanzere, choncho tinadikira dzuwa likwere ndipo ndinawatembenuza mpaka mthunzi wawo unagwera komweko. Ndinabwerera m'mbuyo kutalikirana nawo monga wojambula uja anatalikirana ndi mayi, kuti nsapato zisakulenso kuposa mutu. Kenako ndinaimirira. Mayi wa kaunjika anali pampanda akuitana anzake kuti adzaone mkazi wa ku Ndirande akuimirira apongozi ake. Ndinaika diso pa kamera, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona nkhope ya apongozi anga maso ndi maso. Anali ndi kachipsera pachikope, ndi maso a mwamuna wanga enieni. Ndinawauza kuti aweramutse chibwano pang'ono, ndipo anamvera ngati mwana wa sukulu.

M'chipinda chamdima ndinayala pepala la mizere lija pansi pa enilaja n'kumatsitsa makinawo pang'onopang'ono mpaka zidendene zinaponda mzere wa mapazi a mayi, mphuno n'kukhudza mzere wa phewa. Ndinadula lezala itapendekeka kuti m'mphepete mupyapyale, ndinapala kumbuyo kwake ndi sandipepa, n'kudetsa m'mphepete moyeramo ndi pensulo. Nditamata ndinajambula kamthunzi ndi pensulo yofewa, kakuda kwambiri pansi pa nsapato, kogwera kumanzere ngati ka mayi, chifukwa munthu wopanda mthunzi amayandama. Pomaliza ndinajambulanso chonsecho nyali zikuwala mbali zonse ziwiri kuti chomatacho chisaonetse mphepete, ndipo chinatuluka pepala limodzi losalala.

Lachisanu apongozi anabwera ndi suti yomwe ija. Ndinawapatsa chithunzicho chogwada, poti ntchito inali itatha ndipo mawondo anali atabwerera pa udindo wawo. Pachithunzipo panali kabambo kakafupi ka chipewa, kataima monyada pambali pa mkazi wamtali, makina osokera ali kumbuyo kwawo. Mayi wa kaunjika anasuzumira nati, botolo ndi chitsekerero, ndipo apongozi anaseka mpaka kutsokomola.

Kuseka kutatha anayendetsa chala kuchoka pamphuno pawo kufika paphewa pa mayi, kubwerera, kupitanso.

"Apa ndiye ndine," anatero. "Akamatsika minibasi, mafuta a m'tsitsi mwawo ndinkawamva ndili pompa."

Anachilowetsa mu envulopu, koma asanafike pakhomo anachitulutsanso. Ndinawaperekeza pa siteji ndili m'mbuyo mwawo monga mwa nthawi zonse. Kondakitala atawauza kuti alipire ya munthu mmodzi, anamuyankha kuti ayang'ane bwino, lero akwera awiri.