Mapensulo Atatu a a Gervazio

A Gervazio a ku Lobi mukawaona pa njinga, jekete atamanga mpaka m'khosi, mungati ndi abusa. Koma iwo ndi otaipa pa chipatala china kuno ku Dedza. Ngakhale jakisoni sanamugwirepo chibadwire.

Chaka cha mavoti a zipani zambiri chija anawapatsa ntchito ina. Zithunzi zovuta za ekisire zimapita ku Lilongwe. Dokotala wa kumeneko amangolemba zonse phatikizephatikize, pepala n'kubwera pa ambulansi, zithunzi n'kutsalira konko. A Gervazio ndiye amagawa mawuwo patatu asanataipe. Pensulo yofiira amadula mzere pa zomwe zaoneka pachithunzi. Yobiriwira, matenda omwe dokotala akuganizira. Yakuda, zoyenera kuchita. Kuwonjezera ayi, kuchotsa ayi. Dokotala akati "mwina", nawonso "mwina".

Amakweza magalasi ndi chala n'kuti, "Ine ndimangosankha nyemba, achimwene. Kuphika ndi kwa ena."

Tsiku lina kunabwera pepala la a Ndapeza, ocheka matabwa ku Phiri la Dedza, omwe amapuma ngati akwera mtunda. A Gervazio anadula mizere. Pofiira: madzi m'chifuwa, mbali ya kumanja. Pobiriwira: madzi mbali ya kumanzere. Pakuda: awapope ndi singano.

A Latif, omwe amaona odwala muwodi, anafika akuthamanga.

"Madala, pepala lija! Munthu akubanika uko."

"Dokotala walemba mbali ziwiri."

"Aaa, mawu omaliza ndiwo enieni. Ikani kumanzere monsemo, chitheretu."

"Singanoyo mubaya pepala kapena munthu?"

"Inu mwakhala dokotala liti?"

"N'chifukwa chake sindisankha. Ndikasankha, ndiye kuti dokotala ndine."

A Latif anatsonya, ulendo kuwodi kukagogoda nthiti za a Ndapeza ndi zala. A Gervazio anataipa momwe zinalili, kumanja pamwamba, kumanzere pakati, n'kupita pa lamya ya mu ofesi. Lamya yake ija yoti uzikuwa ngati ukuitana munthu kutsidya kwa dambo. "Halo! Lilongwe! Ayi mayi, si ku butchala kuno!" Kanayi konse. Kachisanu anamupeza dokotala, dokotalayo n'kukatenga chithunzi.

Kumanja. Dzanja la dokotala linangoterereka polemba.

A Gervazio anataipa pepala lina, pansi n'kulemba kuti wakonza ndi dokotala mwini wake pa lamya, tsiku lakuti, nthawi yakuti. Loyambalo analimata kumbuyo. Potuluka anakumana ndi a Latif pakhomo, nawo akuti zala zawo zamva kumanja. Palibe anauza mnzake kuti "mwaona". Masana omwewo anapopa madzi, botolo kutsala pang'ono kudzaza.

A Ndapeza anabwerera kumatabwa. Mpaka lero akakumana ndi a Gervazio pamsika amavula chipewa n'kuti, "Muli bwanji abusa?"

"Tili bwino, kaya inu," amatero a Gervazio, n'kupalasa njinga.