Wamfupi wa mu Sitandade 1

Esitere wa ku Benga analekera sukulu mu Sitandade 4, koma cholembera ankachikhulupirira kuposa pakamwa pake. Ankagulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu, ndipo wodandaula kuti zachepa shuga akanatha kuyankhidwa papepala.

Chaka chimene sukulu inakhala yaulere, analembetsa mwana wake Talandira, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Apongozi ake atadutsa pasukulupo anabwera ndi nkhani yotentha: mwana akulekeza m'chiuno mwa anzake a m'kalasi!

"Ili ndi tsempho," anatero apongoziwo. "Kholo likayenda njira zamseri, mwana sakula. Wolakwa ammwetse mankhwala ndi dzanja lake, apo ayi apakire."

Maso awo anali pa Esitere. Mwana wawo Raston, mwamuna wa Esitere, wodula nzimbe ku Dwangwa amene ankabwera kwawo pakutha pa mwezi, anali mngelo wosowa mapiko okha.

Esitere anachita mantha, chifukwa banja linali kutha iye asanalakwe. Kufunsa pamzere wa kuchipatala kukanakhala kulengeza kwa Benga yense, choncho analemba kalata: "Okondeka anamwino, mwana wanga amadya bwino koma anzake onse amupitirira. Kodi nthenda ya chigololo imaoneka pasikelo?"

Anamwino, Mayi Iness, anamuitanitsa pamodzi ndi mwanayo ndi khadi lakale la kusikelo. Mzere wa pakhadi unali wokwera bwinobwino. Anamuyeza Talandira kulemera ndi kutalika, anamuyang'ana m'zikope ngati magazi ndi okwanira, anamudina mapazi kuti aone ngati atupa, nafunsa za magazi mumkodzo, poti ana a kunyanja likodzo silichedwa kuwapeza. Panalibe kanthu.

"Mayi, mwana timamuyerekeza ndi zaka zake, osati ndi kalasi. Anzakewo ndani?"

Esitere anayamba kutchula. Dyton, amene amapalasa bwato yekha. Hamza, wa mawu a besi. Kalilu, amene anametapo ndevu. Esitere anaima pomwepo, manyazi atamugwira. Fizi itachotsedwa, aliyense amene umphawi unamutsekera kunja anakhamukira mu Sitandade 1, ndipo mudzi wonse unkayeza kamwana ndi anyamata oti mawa afunsira.

Anabwerera akuseka yekha, mawu owauza apongozi atawakonza kale. Pakhomo anapeza mbuzi yawo palibe, yapita kwa sing'anga ngati malipiro. Kuseri kwa khitchini Raston, amene anali atangofika kumene, anali atanjuta, akusakaniza mizu m'kapu. Atangoona mwana anamukokera pafupi.

"Imwa msanga, mwanawe."

Kenako anatukula maso n'kuona mkazi wake.

"Bambo a Talandira, mwanayu alibe tsempho," anatero Esitere. "Koma zikomo potiuza."

Analowa m'nyumba mtima ukuwawa, nang'amba tsamba m'kope la mwana. Kalata iyi inali yopita kwa ankhoswe.