Tepi ya Atelala

Pa mzere wa mashopu wa kuseri kwa depoti aliyense amawadziwa Atelala, mayi wamfupi wa mawu aakulu amene tepi siichoka m'khosi mwawo. Asokera m'kachipinda komweko zaka makumi awiri ndi zitatu, pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Khalidwe lawo ndi limodzi: sakhulupirira pakamwa pa kasitomala. Ukanena kuti chiuno chako ndi 32, amangoti, "Imani bwino," n'kukukulunga tepi. Ambiri achoka pamenepo atakwiya, koma diresi likuwakwana.

Tsiku lina akusamba anapeza okha chotupa ku bere lamanja, kambulu kolimba kosapweteka. Kuchipatala anatengako kanyama pang'ono ndi singano n'kukayeza, ndipo patapita milungu itatu dokotala anawauza mosabisa kuti ndi khansa. Anawapatsa tsiku loti abwerenso kudzakonza za chithandizo.

Tsikulo sanapite. Tinene zoona, anachita mantha, ndipo mantha awo anapeza anthu owathandiza. Alamu awo, mchemwali wa amuna awo, anafika ndi chikwama ngati obwera kudzakhala, ndipo anakhaladi.

"Alamu, izi si zachipatala," anatero. "Mwaiwala mayi uja munamuchititsa manyazi mwana wake pa diresi la ukwati? Uja anakulozani chala n'kunena kuti mudzaona? Mwaonatu."

"Mtsikanayo anali ndi mimba, alamu. Ndikanasoka bwanji 30?"

"Pakamwa panupo ndi pomwe pakupwetekani. Ndipo akakudulani ndiye kuti chafalikira, basi tikukuikani."

Amuna awo, dalaivala wa lole wofatsa mopitirira muyezo, anangoti, "Tiyeseko kaye izi, mayi. Chipatala sichithawa."

Anayamba motero. Alamu ankabweretsa mabotolo a madzi akuda ochokera kwa bambo wina wa zitsamba amene akuti anachiza anthu osawerengeka, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene alamuwo anamuona ndi maso. Kapu m'mawa, kapu madzulo. Kenako mwana wa alamu anawerenga pafoni kuti shuga ndiye chakudya cha khansa, ukaimana chotupa chimafota. Shuga anatuluka m'nyumba. Zipatso zinatsatira, buledi, mkaka, mpaka Atelala anatsala ndi masamba owiritsa ndi madzi owawa aja. Ankapalasa makina mutu ukuzungulira.

Koma dzanja la telala silikhala chete. Lolemba lililonse, asanatsegule shopu, ankaima kuseri kwa katani yoyezera makasitomala, n'kugwira chotupa chija ndi zala ziwiri, n'kuikapo tepi. Nambala ankailemba ndi choko kuseri kwa chitseko. Poyamba sichinkakwana inchi. Mwezi wachiwiri chinakwana. Alamu akachigwira ankati, "Chafewa! Chikuthawa chimenechi!" Bambo wa zitsamba naye anatumiza uthenga woti chikatupa ndiye kuti poizoni akusonkhana kuti atuluke. Kukula n'kuchira, kuchepa n'kuchiranso. Atelala anaona kuti pamenepa palibe tsiku limene mankhwalawo adzalephere.

Mwezi wachisanu tepi inati inchi ndi theka. M'khwapa munalinso kena kolimba ngati nyemba. Anadzikulunga tepi m'chiuno: 32, munthu amene moyo wake wonse anali 38. Anakhala pa mpando wa makina, ndipo chimene chinawagwira si chisoni ayi, unali mkwiyo. Anadzikwiyira okha koposa onse. Iwo amene sanalolepo munthu kuwanamiza za chiuno chake, analola kunamizidwa za thupi lawo lomwe miyezi isanu.

Anaitanitsa amuna awo ndi alamu ku shopu, n'kutseka chitseko kuti aone kuseri kwake.

"Werengani."

"Manambala a chiyani awa?" anafunsa alamu.

"Awa ndi a chotupa chanu chothawa chija. Iyi ya pansiyi ndi chiuno changa. Chilipo chomwe chikufota m'nyumba mwathu, alamu, koma ndine."

"Mwangotsala pang'ono, musafooke. Komanso tipite kwa mayi uja mukapepese..."

"Ndikapepese kuti ndinayeza bwino? Ngati chala chake chili ndi mphamvu choncho, bwenzi atalozera mwana wake mimba isanabwere. Mawa ndikupita kuchipatala. Ofuna kundiperekeza andiperekeze, osafuna atsale ndi mabotolo awo."

Dokotala sanawakalipire, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa kukalipiridwa. Anawayeza magazi, anajambula chifuwa ndi m'mimba. Zotsatira zitabwera anawakhazika pansi onse atatu.

"Khansayi yafika m'timwanabele ta m'khwapa," anatero. "Ulendo woyamba uja inali isanaoneke kumeneko. Mwayi wake, m'mapapo ndi m'chiwindi sitinaipeze, ndiye tikadali ndi pogwira. Tiyamba ndi mankhwala a m'diripi kuti chotupa chichepe, kenako opaleshoni. Bere lichoka lonse. Sindikulonjezani kuti sidzabwerera, koma ambiri amene afika pamenepa amachira."

"Yambani lero," anatero Atelala.

"Lero sizitheka. Magazi akuonetsa kuti chiwindi chanu chavulala, ndipo ndikukayikira zomwe mwakhala mukumwazo. Mankhwala athu amadutsa m'chiwindi momwemo. Siyani mabotolowo, tiyezenso pakatha milungu iwiri. Ndipo mudye, mayi. Thupi lofooka chonchi silipirira mankhwalawa."

"Koma shuga, adokotala," analowerera alamu, "si ndiye amadyetsa chotupacho?"

"Thupi lonse limayendera shuga, ubongo ndi minofu yomwe. Mukasiya kumudya, thupi limapanga wake, ngakhale kuchokera ku minofu yanu, ndipo chotupa chimatengabe gawo lake. Wosowa chakudya amakhala wodwalayo. Za kudula nazo, si opaleshoni imene imafalitsa khansa. Anthu amabwera mochedwa, ndiye mlandu umagwera mpeni."

Milungu iwiri imeneyo Atelala anadya ngati ali pa ganyu. Mazira, nyemba, nthochi, tiyi wa mkaka wothira masupuni awiri a shuga, akumwera pakhomo pa shopu kuti mzere wonse uone. Mabotolo anawakhuthulira m'ngalande masana dzuwa likuswa mtengo, wometa ndi wokonza mafoni akuonerera. Alamu analongedza chikwama chawo. Pochoka ananena kuti asamba m'manja, ndipo maliro akachitika asadzawafunse kanthu.

Chiwindi chinatenga milungu itatu, osati iwiri, kuti chibwerere m'malo. Sabata yowonjezerayo Atelala sanalankhule ndi munthu zaulemu.

M'mawa wa tsiku loyamba mankhwala, namwino anabweretsa pepala loti wodwala asaine kuvomereza. Amuna awo anaika dzanja pa pepalapo. Maso awo anali ofiira.

"Mayi, dikirani kaye abale amve. Zikavuta, anthu adzati ndine ndinakuperekani."

"Nanga ndikanafera kunyumba ndi botolo m'manja, akanati ndani?"

Dzanja la bamboyo linakhalabe pa pepalapo.

"Ndadikira miyezi isanu, bambo, yapita ndi bere langa. Sindipereka china. Chotsani dzanja."

Anachotsa. Atelala anasaina dzina lawo lonse, zilembo zazikulu zopendama, mpaka cholembera chinaboola pepala. Kenako analowa m'chipinda cha mipando isanu ndi umodzi, momwe anthu ena anali kale pa madiripi awo, wina akuluka chipewa, wina ali mtulo. Anasankha mpando wa pawindo. Anapinda okha mkono wa bulauzi.

"Tibaya dzanja lamanzere," anatero namwino, "poti vuto lili kumanja."

"Mwachita bwino, mwanangu," anatero Atelala. "Lamanjali ndikadali nalo ntchito."